Kudula Chovala pa Chithunzi cha Pamsika: Mafunso ndi Mayankho

Kodi chovala chotsala chokha pa chithunzi chimapangidwa motani?

Chithunzi cha pa kompyuta ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo. Kadontho kalikonse kali ndi mtundu wake, koma kangathenso kukhala ndi nambala ina, kuyambira 0 mpaka 255, yonena kuti kaoneke motani. Pa 0 sikaoneka n'komwe, pa 255 kamaoneka konse. Ntchito yodula chovala ndi kusiya timadontho ta chovala pa 255, ta mabenchi, malona ndi anthu odutsa n'kutitsitsira pa 0. M'pulogalamu yaulere ya GIMP, nambalayi imayikidwa posankha `Layer > Transparency > Add Alpha Channel`. Pamene pachotsedwa zinthu pamaoneka timabokosi totuwa, kusonyeza kuti palibe kanthu.

N'chifukwa chiyani chithunzi cha pamsika chimavuta?

Chida cha `Fuzzy Select` chimasankha timadontho tofanana mtundu, ndipo chimathandiza ngati kumbuyo kuli khoma loyera. Pa kaunjika zinthu sizikhala choncho. Diresi yofiira yamaluwa yokolekedwa pa hang'ala ingathe kukhudzana ndi chitenje chofiiranso, ndipo chidacho sichidziwa pothera diresi ndi poyambira chitenje. Chimadya mkono wa diresi kapena kusiya zigamba za chitenje. Pa chithunzi chotere, kulemba malire ndi dzanja n'kodalirika ngakhale kumatenga nthawi.

Malire a diresiyo amalembedwa bwanji?

Chithunzi chimakulitsidwa kufika pa 200% kapena kuposera apo, kenako amatenga chida cha `Paths`. Amayika timfundo motsatira m'mphepete mwa nsalu, kuyambira paphewa, kutsika ndi mkono, kuzungulira mpendero, mpaka kulumikiza ndi kamfundo koyamba. Pamene nsalu yawongoka timfundo tiwiri tokha timakwanira. Pokhota, monga pakhosi ndi m'khwapa, mzere umakokedwa kuti upindike motsatira nsalu. Timfundo tikachuluka mopitirira, m'mphepete mumatuluka manomano.

Mzerewo uyenera kudutsa mkati mwa nsalu pang'ono, osati kunja, chifukwa timadontho ta pamalire penipeni tinasakanikira kale mtundu wa diresi ndi wa zinthu zakumbuyo. Akamaliza amasankha `Select > From Path`, kenako `Select > Shrink` pa pikiselo 1, ndi `Select > Feather` pa 1 kapena 2. Manambalawa ndi oyenera chithunzi cha mapikiselo 4000 ndi 3000. Akakulitsa kufewetsako, diresi imaoneka ngati yazingidwa ndi nkhungu.

Malo amene ambiri amaiwala ndi mpata wa pakati pa mkono ndi thupi la diresi. Msika umaonekerabe pamenepo, choncho mpatawo umalembedwa paokha n'kuchotsedwa.

Kodi zakumbuyo azingozifufuta?

Ayi. Njira yabwino ndi kuziphimba posankha `Layer > Mask > Add Layer Mask`, kenako `Selection`, n'kumaliza ndi `Select > None`. Pa chophimbachi, popakidwa mtundu wakuda pamabisika, popakidwa woyera pamaoneka. Ngati lamba wa diresi wadulidwa molakwika, amangopakapo mtundu woyera ndipo amabwerera. Ulusi wolendewera, zingwe zopyapyala ndi nsalu yoonekera mkati zimakonzedwanso apa ndi kabulashi kakang'ono. Pa nsalu yoonekera amapaka mtundu wotuwa, ngakhale kuti mtundu wa zakumbuyo sutheratu.

Hang'ala imabisidwa chimodzimodzi, koma mbali ya m'khosi imene inatchingidwa nayo sinajambulidwe. Kawirikawiri hang'ala yosiyidwa yonse imaoneka bwino kusiyana ndi khosi long'ambika.

Munthu angadziwe bwanji kuti wadula bwino?

Timabokosi totuwa tija timabisa zolakwika. Pansi pa diresi amayikapo tsamba lina lakuda, kenako loyera, n'kuyang'anitsitsa m'mphepete monse. Lakuda limaulula kamzere kowala kotsalira, loyera limaulula zithunzithunzi ndi timadontho toiwalika. Akakhutira, masamba oyeserawo amachotsedwa.

Mtundu nawonso uyenera kufanizidwa ndi chovala chenicheni. Kuwala kodutsa m'lona labuluu kumachititsa nsalu kuoneka yabuluu, ndipo wogula amadandaula katundu akafika. `Colors > Color Balance` imachepetsa vutoli akasankha chithunzi chenichenicho osati chophimba, koma kujambula chovala pamthunzi wopanda lona lamtundu kumapulumutsa ntchito yambiri.

N'chifukwa chiyani kumbuyo kumabwerera koyera kapena kwakuda?

Fayilo ya `.jpg` sisunga nambala ya kuonekera ija, choncho malo opanda kanthu amadzazidwa ndi mtundu. Akadula malo otsala ndi `Image > Crop to Content`, chithunzi chimatulutsidwa kudzera pa `File > Export As` ndi dzina lothera ndi `.png`. Fayilo ya `.xcf` imasungidwanso kuti chophimba chija chidzakonzedwe pakafunika. Potumiza pa WhatsApp, fayiloyo ipite ngati `Document`, chifukwa ikapita ngati chithunzi wamba imapanikizidwa ndipo kuonekera kwake kumatayika.