Kudziwa ndi TLC ngati mafuta a thonje asanduka bayodizilo

Ku Mbenje, monga m'madera ambiri a Nsanje ndi Chikwawa, anthu amalima thonje, ndipo mafuta a njere zake amatha kusanduka bayodizilo. Pa magalamu 100 a mafuta oyengedwa mumathira mamililita 28 a methanolo osungunuliramo galamu imodzi ya KOH, n'kumatakasa pa madigiri 60. Ambiri amangodikira ola limodzi n'kuzimitsa moto. Koma wotchi sionetsa zimene zili mu botolo. Chimene chimaonetsa ndi kapuleti ka silika ka TLC.

Yambani ndi kusankha madzi oyendetsa madontho. Silika imagwira zinthu, madziwo amazikoka. Hekiseni imakoka pang'ono, ethayilo asiteti imakoka kwambiri. Sakanizani magawo 90 a hekiseni, 10 a ethayilo asiteti ndi gawo limodzi la asidi wa asetiki, muyese ndi mafuta osaphika okha. Dontho liime chapakati pa kapuleti. Likatsalira pamzere woyambira, onjezani ethayilo asiteti pang'ono. Likathawira kumtunda, onjezani hekiseni. Asidiyo musamuiwale, chifukwa popanda iye madontho ena amakoka mchira n'kuphimba anzawo.

Jambulani mzere ndi pensulo, osati bolopeni, sentimita imodzi kuchokera pansi. Ikani madontho atatu aang'ono: kumanzere mafuta osaphika, kumanja a mu botolo, pakati onse awiri pamodzi. A mu botolowo muyambe mwawasungunula mu hekiseni n'kuwakhutchumula ndi madzi a asidi wochepa kuti KOH isiye ntchito, kenako mutenge a pamwamba.

Imikani kapuleti mu mtsuko wa madzi oyendetsa, koma madziwo asafike pamzere. Kuno kuchigwa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, hekiseni imauluka msanga, ndipo muyeso wanu wa 90 ndi 10 umasintha inu osadziwa. Choncho ikani pepala losefera m'mbali mwa mtsuko, vindikirani zolimba, ndipo musagwiritse ntchito madzi ogona.

Madzi akatsala pang'ono kufika kumapeto, tulutsani kapuleti, chongani pomwe afika, kaumitseni, n'kukaika mu botolo la timibulu ta ayodini. Madontho a bulauni akaoneka azungulizeni msanga, amazilala.

Tinene kuti madzi ayenda masentimita 5, mafuta osaphika 2.5, ndiye kuti Rf ndi 0.5. Bayodizilo amaima pamwamba pake, ndipo mafuta osweka theka amatsalira kufupi ndi mzere. Yesani mphindi 15 zilizonse. Ntchito yatha ngati kumanja kulibenso dontho lofanana msinkhu ndi lakumanzere, pomwe pakati pakuoneka awiri osiyana bwino. Pakati pakaoneka limodzi, vuto ndi madzi oyendetsa: chepetsani ethayilo asiteti.

Mafuta otsala ochepa kwambiri TLC siwaona. Musanazimitse moto, bwerezani ndi dontho lochindikala.