Galu Wanu Walumidwa ndi Njoka: Yezani Kutupa, Yezetsani Magazi

Mvula ikayamba mu Novembala, njoka zimatsikira kumakomo kufuna makoswe ndi achule, makamaka kwa inu amene muli m'tsinde mwa mapiri a Ndirande, Bangwe, Soche ndi Michiru, kapena pafupi ndi minda ya ku Machinjiri. Galu amafufuza ndi mphuno, n'chifukwa chake nthawi zambiri amalumidwa kumaso kapena m'khosi. Kukula kwa chotupa pakokha sikunena ngati galuyo apulumuke. Chofunika kudziwa ndi liwiro la kutupako, mmene galu akupumira, ndiponso ngati magazi ake akuundana.

Tiyerekeze kuti galu wa makilogalamu 15 ku Chilomoni walumidwa pamlomo ndi mphiri 6 koloko madzulo. Choyamba mvuleni lamba kapena tcheni cha m'khosi. Musalole ana kumugwira, pakuti galu womva ululu amaluma ndi mbuye wake yemwe. Tengani tepi ya telala kapena chingwe, muyeze khosi, mulembe nthawi, ndipo ikani chizindikiro cha choko kapena makala paubweya pamene chotupa chalekezera. Bwerezani pamalo omwewo mphindi 30 zilizonse, ngakhale muli kale pa ulendo wa kwa dokotala wa ziweto. Ngati khosi linali masentimita 35, n'kufika 39, kenako 44 pa ola limodzi, ululu ukuyenda msanga ndipo ukhoza kutseka njira ya mpweya. Ngati lafika 37 n'kuima, mpata ulipo.

Tukulaninso mlomo muone nkhama. Zikhale zofiirira, ndipo mukadina ndi chala, mtunduwo ubwerere pasanathe masekondi awiri. Zikatuwa, ndiye kuti magazi ndi madzi a m'thupi akuthera m'chotupamo.

Kusatupa si umboni woti zili bwino. Njoka zina, monga mamba yakuda, zimagwira mitsempha: galu amatuluka dovu, kudzandira ndi kubanika, chotupa chili chochepa. Nalikukuti, kanjoka kooneka ngati kamtengo kouma, sikatupitsa kwenikweni, koma kamaononga magazi mwakachetechete, ndipo galu akhoza kuoneka bwino tsiku lonse asanayambe kukha magazi m'nkhama, pabala kapena mumkodzo.

Apa m'pamene kuyeza magazi kumathandiza. Dokotala amatenga mamililita awiri a magazi mumtsempha, n'kuika m'kabotolo kagalasi katsopano, koyera ndi kouma. Amakasiya osakagwedeza kwa mphindi 20, kenako n'kukapendeka. Magazi akakhala atagwirana, ndiye kuti pakali pano akuundana bwino. Akayenderera ngati madzi, ululu wadya zinthu zoundanitsa magazi. Kabotolo kapulasitiki kapena kotsukidwa ndi sopo kamanamiza, pakuti magazi abwinobwino akhoza kulephera kuundana mmenemo. Kuyeza kamodzi sikukwana. Galu wolumidwa ndi mphiri magazi ake akhoza kuundana bwino pamene chotupa chikumupha, ndipo wolumidwa ndi nalikukuti zotsatira zikhoza kusintha patapita maola. Choncho musakane dokotala akati ayezenso pakatha maola 6.

Nanga mankhwala opha ululu wa njoka, aja amati antivenomu? Si galu aliyense wolumidwa amene amawafuna. Agalu ambiri olumidwa ndi mphiri amachira ndi diripi, mankhwala ochepetsa kupweteka ndi kuyang'aniridwa. Antivenomu amafunika pamene chotupa chikuthamanga kapena kufinya khosi, pamene nkhama zatuwa galu n'kufooka, pamene akulephera kupuma, kapena pamene magazi sakuundana. Galu wathu uja wa masentimita 44 ali m'gulu limeneli.

Mlingo wake satengera kulemera kwa galu koma kuchuluka kwa ululu umene walowa, motero kagalu kakang'ono sikapatsidwa ochepa. Amene amapangidwa ndi South African Vaccine Producers ku Johannesburg amabwera m'timabotolo ta mamililita 10, ndipo amagwira ntchito pa mphiri ndi mamba, koma pa nalikukuti palibe antivenomu aliyense. Amachokera m'magazi a mahatchi, choncho galu wina thupi lake limawakana mwadzidzidzi. N'chifukwa chake amaperekedwa mumtsempha pang'onopang'ono, dokotala ali ndi jakisoni wa adirenalini pafupi. Ndi odula ndiponso osowa, ndiye imbani foni kwa dokotala wa ziweto kapena ku BSPCA musananyamuke, mufunse ngati alipo.

Panjira munyamuleni galuyo, asayende yekha. Musamange chingwe pamwamba pa bala, musateme mphini, ndipo musamupatse asipirini kapena bulufeni, chifukwa amawonjezera kukha magazi ndi kuononga impso. Ululu ukamulowa m'maso kuchokera kwa njoka yolavula, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Njokayo ijambuleni pafoni muli patali. Ngakhale galu waipha, musagwire mutu wake, umalumabe. Ndipo ngati yalumanso munthu, yambani mwathamangira naye ku chipatala cha Queen Elizabeth, galu atsale ndi wina.