Mimba ikayamba, musathamangire kusintha ntchito

Bambo wina wa ku Malawi amene amasamalira okalamba ku Leeds, ku Britain, atamva mu April 2024 kuti mkazi wake waima, anachita zomwe ambirife tikanachita: anasaka ntchito ya malipiro abwinopo. Anaipeza, nayamba pa 6 May. Mwana ankayembekezeka sabata yoyamba ya December, ndiye iye ankati pofika pamenepo adzakhala atagwira miyezi 7, tchuthi cha abambo sichingamuvute.

Atakapempha, bwana anatsegula kalendala n'kuyamba kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Mu 2024 lamulo la kumeneko silinkawerengera pa tsiku lobadwa mwana. Ankatenga sabata imene achipatala anena kuti mayi adzachira, n'kubwerera masabata 15. Pofika kumapeto kwa sabata imeneyo, bambo ankayenera kukhala atagwira masabata 26 osadukiza kwa bwana yemweyo. Kwa mnzathuyu mzere unagwera pa 24 August, ali ndi masabata 16 okha. Zaka zimene anagwira kumene anachokako sizinawerengedwe.

Mukaphatikiza 26 ndi 15 mupeza masabata 41, kutanthauza kuti ntchitoyo munkayenera kukhala mutaiyamba mimba isanakhale n'komwe. Iye anataya masabata awiri a tchuthi pamodzi ndi ndalama yake, yomwe chaka chimenecho inali mapaundi 184.03 pa sabata. Ndalama yochepa ndithu, koma kuchikuta palibe ndalama yochepa. Mkazi wake atachira kudzera pa opaleshoni, bamboyu anadya masiku a tchuthi chake cha pachaka, kenaka n'kubwerera ku mashifiti a usiku mayi asanayambe kuyenda bwino.

Kwathu lamulo la ntchito lomwe linasinthidwa mu 2021 limapatsa bambo masabata awiri kamodzi pa zaka zitatu, motero ena amapita kunja poganiza kuti kukhala bambo n'kokwanira. Ku Britain amafunsa zina: mwagwira nthawi yaitali bwanji, mumalandira zingati pa sabata, ndipo munadziwitsa bwana nthawi yake? Chidziwitsocho chimafunikanso masabata 15 mwana asanabadwe. Safunsa ukwati kapena magazi. Mwamuna wokhala ndi mayiyo, amene adzalera nawo mwana, amayenera ngakhale mwanayo si wake.

Chowawa kwambiri chili pa kulera ana amasiye. Mchemwali wanu akamwalira inu n'kutenga mwana wake, kwathu ndinu kholo basi. Kumeneko tchuthi cholerera mwana chimapita kwa amene apatsidwa mwana kudzera ku bungwe lovomerezeka loona za ana. Wotenga mwana wa m'bale wake, kapena mwana wopeza, sapatsidwa.

Malamulowa amasinthidwasinthidwa, choncho musanasaine kalata yosiya ntchito, tengani tsiku limene anamwino akupatsani, muwerenge masabata 15 chobwerera, ndipo mufunse bwana watsopanoyo alembe zimene mudzalandire.