Tisanajambule pepala la mayeso

Ena mwa ife timakaphunzitsa kusukulu za kumidzi monga za kwa Simlemba, kumpoto kwa boma la Kasungu, komwe wotithandiza kuchonga amakhala kutali. Tikalembetsa mayeso a m'kalasi timajambula mapepala pa foni n'kumutumizira. Iye amangochonga zimene akuona, ndiye chithunzi chikanama, mwana amaluza malikisi amene anawakhetsera thukuta.

Tiyerekeze kuti mwana wa Fomu 2 walemba ndi pensulo yankho lolondola, x = −3.5. Tajambula masana panja, chithunzithunzi cha foni chagwera pa mzere womwewo. Kamera imayeza kuwala potengera mbali yoyera ya pepala, choncho mbali yamdimayo imaderatu. Kamzere ka mainasi ndi kadontho zasowa, wochonga wawerenga 35, wathetha. Kwa Simlemba vutoli limakula chakumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, pamene dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, moti foni ikakhala pamwamba pa pepala imalitchinga basi. Tipite pakhonde kapena pafupi ndi windo, kuwala kuzichokera cham'mbali. Pansi pa mtengo ayi, masamba amasiya mawangamawanga. Fulashi nayo tiyizimitse, chifukwa pensulo imanyezimira n'kuoneka yoyera.

Kupendekeka kumaononga mwakachetechete. Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 m'lifupi, kumutu ndi kumunsi komwe. Ngati pasikirini kumutu kukuoneka kopanikizika kuposa kumunsi, ndiye kuti foni yapendekeka. Mawu angawerengekebe, koma sikweya amene mwana anajambula bwino saonekanso sikweya, ndipo ngodya ya madigiri 90 imatha kuoneka ngati yophonya. Tiyale pepala patebulo, tilipsinje ndi timiyala m'makona, tiimirire, foni ikhale chafufumimba ngati pepalalo, makona onse anayi azioneka. Mizere ya Grid ya mu kamera tiyilinganize ndi m'mphepete mwa pepala.

Chithunzi chachimbuuzi nthawi zambiri chimabwera chifukwa cha mdima. Kuwala kukachepa kamera imachedwa kutseka diso, ndiye dzanja likangogwedezeka pang'ono 3 amafanana ndi 8. N'chifukwa chake mkati mwa chigafa cha fodya, ngakhale mthunzi wake ndi wabwino, si mojambulira. Tipukute galasi la kamera, fumbi la kuno timalidziwa, tigunde pasikirini pamene pali zilembo, tidikire zioneke bwino, zigongono titazitsamiza m'nthiti.

Tisanasonkhanitse mapepala, tikulitse chithunzicho ndi zala n'kuwerenga nambala yaing'ono kwambiri ya pakona yakutali. Ikativuta ife amene pepala tili nalo m'manja, wochonga sangaithe, tijambulenso. Potumiza pa WhatsApp tisankhe Document, chifukwa njira ya Gallery imapanikiza chithunzi kuti isunge bandulo, ndipo timadontho ngati ka pa 3.5 ndito timayamba kufufutika.