Ngongole zakhalitsa bwanji, ndipo ndalama zifika liti?

M'mabizinesi ambiri apabanja a ku Cuamba ndi Mandimba mumamveka funso limodzi lomweli mwezi ukamatha: katundu watuluka wambiri, nanga ndalama zili kuti? Kompyuta yankho ili nalo, koma silipereka yokha. Ngati mumalemba mafatura anu mu Primavera, PHC kapena Odoo, mapologalamu amene amatchedwa ERP, mukhoza kupanga pepala limodzi loti bwana aziwerenga Lolemba lililonse. Pepalalo lisonyeze anthu amene ali ndi ngongole, nthawi imene ngongolezo zakhala, ndi ndalama zimene zidzakhale m'manja masabata akubwerawa.

Tiyerekeze sitolo ya simenti, malata ndi misomali ku Cuamba, imene imakongoza katundu kwa ogulitsa ang'onoang'ono a mumsewu wa N13, kuyambira ku Mandimba mpaka ku Massangulo m'boma la Ngauma. Tsiku lowerengera likhale 31 Malichi.

Musatulutse mndandanda wa zonse zimene mwagulitsa. Chofunika ndi mndandanda wa mafatura amene sanalipidwe, omwe mu Primavera amapezeka ku Contas Correntes pansi pa dzina loti Pendentes. Autumizeni ku Excel ndipo musunge mizati inayi yokha: A dzina la kasitomala, B nambala ya fatura, C tsiku limene anayenera kulipira, D ndalama zotsala. Tsiku lowerengera lilembeni mu H1 ndi manja. Mukagwiritsa ntchito HOJE(), manambala azisintha tsiku lililonse, ndipo pepala la sabata yatha simudzaliyerekezanso ndi la lero.

Pa mzati C ndi pamene ambiri amaphonya. Amawerenga masiku kuchokera pa tsiku limene fatura inalembedwa, motero munthu amene munamupatsa masiku 30 amaoneka ngati wochedwa pomwe nthawi yake ikadalipo. Werengani kuchokera pa tsiku lolipirira. Mukapeza kuti masiku awiriwa ndi ofanana pa fatura iliyonse, dziwani kuti palibe amene analemba pangano la kalipiridwe pa fayilo ya kasitomala, ndipo yambani mwakonza zimenezo.

Mu E2 lembani fomula yoyambayi, yowerengera masiku ochedwa, ndi kuikokera pansi. Yachiwiriyo, yoti muilembe kunja kwa mizati D ndi E, ikuphatikiza ngongole zimene zachedwa masiku 31 mpaka 60.

```
=$H$1-C2
=SOMA.SE.S(D:D;E:E;">30";E:E;"<=60")
```

Ngati Excel yanu ndi ya Chingerezi, dzina lake ndi SUMIFS. Sinthani manambalawo kuti mupeze magulu enawo. Mu E mukatuluka #VALOR!, ndiye kuti masiku abwera ngati mawu chabe, choncho asandutseni kaye akhale masiku enieni.

M'sitolo yathu ija, tinene kuti zatuluka motere: ngongole zomwe nthawi yake sinakwane ndi 380,000 MT, zochedwa mpaka masiku 30 ndi 250,000, za masiku 31 mpaka 60 ndi 120,000, za 61 mpaka 90 ndi 60,000, ndipo zopitirira masiku 90 ndi 90,000. Zonse pamodzi ndi 900,000 MT.

Musathamangire nazo kwa bwana. Funsani kaye wolemba mabuku a ndalama kuti akaunti ya makasitomala, 4.1 Clientes, ikusonyeza zingati pa tsiku lomwelo. Tinene kuti akuti 855,000. Kusiyana kwa 45,000 kumeneku kuli ndi mwini wake, ndipo kawirikawiri mwiniwakeyo ndi munthu woti analipira kale. Wogulitsa wa ku Massangulo anatumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola ndi foni ya akazi ake, zinalowa m'mabuku, koma palibe amene anadula lisiti yozimangirira ku fatura yake. Pa pepala lanu iye akuoneka wachinyengo wa miyezi itatu. Mukamuimbira foni mwaukali, mwataya kasitomala wabwino. Ine ndimaona kuti theka la ntchito yonseyi ndi apa, osati pa mafomula: kutenga sitetimenti ya ku banki ndi mauthenga a pafoni, n'kumangirira ndalama iliyonse ku fatura yake. Katundu amene anabwezedwa koma osalemberedwa Nota de Crédito amabweretsanso bodza lomweli. Mukakonza, gulu lopitirira masiku 90 litsika kufika pa 45,000 ndipo manambala awiri aja agwirizana.

Ku Mandimba kuli kanthu kena kowonjezera. Chipata cha Chiponde chili pafupi, ndipo ena amabwera ndi makwacha. Pangano likhale la metikali, ndipo lisiti ilembedwe pa mtengo wosinthira wa tsiku lolipira. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anakongoza m'makwacha analandira ndalama zosagula katundu amene anatulutsa.

Tsopano gawo lachiwiri, la ndalama zolowa ndi zotuluka. Tsegulani tsamba lina, mzati uliwonse ukhale sabata imodzi. Masabata 8 akukwanira sitolo yapabanja. Pamwamba lembani ndalama zimene zilipodi lero, za ku banki, za m'bokosi ndi za pafoni. Cheke chimene sichinapse musachiwerengere.

Ngongole zija musaziike pa sabata imene kompyuta ikuti ziyenera kulipidwa. Ziikeni pa sabata imene munthuyo amalipiradi. Yang'anani mafatura ake asanu omaliza: ngati amachedwa masiku 20 nthawi zonse, onjezerani masiku 20. Zopitirira masiku 90 ikani ziro, zikabwera mudzathokoza. Kumbukiraninso nyengo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi anthu a kumudzi alibe ndalama, ndiye ogulitsa nawonso amachedwa, mpaka fodya ndi soya zitayamba kugulidwa.

Sabata yoyamba sitolo ili ndi 210,000. Malonda a kashi abweretsa 300,000, angongole 140,000. Zotuluka ndi 420,000 kwa otigulitsa simenti, 95,000 malipiro a antchito, ndi 35,000 mafuta a lole. Zotsala ndi 100,000, ndipo nambala imeneyi ndiyo yoyambira sabata yachiwiri. Mmenemo mulowa 300,000 ndi 120,000, koma mutuluka 480,000 ya malata, 35,000 ya mafuta ndi 30,000 ya lendi. Zotsatira zake ndi kuperewera kwa 25,000 MT. Sitolo imene anthu ali nayo ngongole ya 855,000 ilephera kulipira malata pa 14 Epulo, ndipo mwadziwa kutatsala masabata awiri.

Mzere umene umaiwalika ndi wa msonkho wa IVA, womwe unatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti mu Januwale 2023. Pa fatura ya 116,000, ndalama zokwana 16,000 si zanu. Msonkhowu umawerengedwa pa fatura imene mwalemba, kaya kasitomala walipira kapena ayi, choncho ngongole yokhalitsa imakudyerani kawiri. Funsani wolemba mabuku kuti mwezi uno mupereka zingati atachotsa IVA ya katundu amene munagula, ndipo muike pa sabata yake. Chimodzimodzi za INSS.

Bwana musawapatse mizere mazana atatu. Tsamba limodzi likhale ndi magulu asanu aja, mayina khumi a ngongole zikuluzikulu zochedwa, ndi ndalama zotsala pa sabata iliyonse, yoperewerayo mutaipaka zofiira. Pambali pa dzina lililonse lembani amene aimbe foni ndi tsiku lake. M'nkhani yathuyi, yambani ndi gulu la masiku 31 mpaka 60, chifukwa anthu ake akadayankha foni ndipo akufunabe katundu wina. Mmodzi yekha atalipira 30,000, dzenje la sabata yachiwiri lakwiririka. Ndipo amene wapitirira masiku 60 asatengenso thumba la simenti pa ngongole, ngakhale atakhala alamu anu.