Khanda Lalowa Pakati Pathu

Okondedwa Azakhali,

Ine ndine mlimi wa fodya wa bale kuno kwa Santhe, m'boma la Kasungu, ndipo mayi a kunyumba ndinawatenga chitengwa kuchokera ku Dedza. Mu Januwale Chauta anatininkha mwana wamwamuna, chisamba chathu. Chibadwire mwanayo m'nyumba mwathu mwazizira. Ndikaweruka amangoti, "Nsima ili apo," ndipo ndikayamba kankhani ndimapeza agona kale, mwana ali kubere. Ine ndinasamukira kuchigafa, ati kulondera fodya, koma kunena zoona ndinathawa kulira kwa usiku. Za kumphasa sindinena, pakuti palibe wamkulu amene watiuza tsiku lake. Mayi anga anatisiya kale, ndipo apongozi anabwerera kwawo titangotuluka chikuta. Anzanga pabawo akuti ndalama za ku Chinkhoma zikatuluka ndikapeze kondisangalatsa. Kodi chikondi chathu chatha?

Ine wothedwa nzeru,
Bambo wa kwa Santhe

Mwana wanga,

Kalata yanu ndaiwerenga mofatsa, ndipo ndisanakutonthozeni ndiyambe ndakuuzani mawu owawa pang'ono, pakuti walira mvula walira matope: amene anachoka m'nyumba ndinu, ndipo mkazi amene mukumudandaulayo akali pomwe munamusiya, angakhale kuti tulo ndi kutopa zamulanda pakamwa.

Taonani nyengo imene mwanayu anasankha kubadwa. Kuyambira Januwale kufikira Malichi mlimi wa bale alibe tsiku lopuma, popeza ndiyo miyezi yothena fodya, yothyola masamba m'mamawa mame asanakamuke, yosoka ndi kupachika m'chigafa. Ndipo ntchitoyo isanathe kwafika kale kusankha ndi kudinda mabelo pajeke. M'miyezi yomweyo khanda limayamwa kasanu ndi katatu, kapena kufikira kakhumi ndi kawiri, pa usana ndi usiku umodzi, kotero kuti mayi ake sagona tulo totalika koposa maola awiri kapena atatu asanadzutsidwe. Pamwamba pa izi pali kumjigo, pali nkhuni, pali matewera, pali mphika wa aganyu, ndipo ndikukayika ngati sanabwerere kale kukasoka fodya mwana ali kumsana. Munthu wotere akamagona nkhani ili pakati sanakunyozeni ayi. Thupi lake latenga chimene linamanidwa.

Makolo athu ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, nchifukwa chake mwa Achewa mkamwini ankakhala kwawo kwa mkazi, kumene mayi wa khanda anali pakati pa amake, abale ake ndi anamkungwi: wina kumuphikira phala, wina kumulandira mwana kuti atsinzineko. Inu munatenga chitengwa, monga achitira ambiri kuno kuchigwa cha fodya, kumene anthu anabwera kuchokera kutali kudzafuna minda ndi ntchito m'maesiteti, nasiya abale awo ku Dedza, ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ntchito imene kale inkagawidwa pa akazi anayi yagwera mkazi mmodzi, ndipo wachibale amene watsala naye pafupi ndinu nokha. Ngakhale Boma linaona zimenezi, pakuti lamulo la ntchito limene linakonzedwanso mu 2021 limapatsa bambo wolembedwa ntchito masabata awiri a tchuthi mwana akabadwa. Koma mlimi bwana wake ndi iye mwini, ndipo tchuthicho akapanda kudzipatsa palibe adzampatsa.

Choyamba tsono, bwererani m'nyumba usiku uno. Ngati akuba fodya akukudetsani nkhawa, pezani mnyamata wokhulupirika, kapena muzisinthana ndi mnansi amene chigafa chake chayandikana ndi chanu. Kuyamwitsa simungathe, ndipo mwana asapatsidwe phala kapena madzi kufikira atakwana miyezi isanu ndi umodzi; koma akayamwa cha kum'bandakucha nakana kugona, mutengeni inu, mumuike paphewa kuti ageye, muyende naye pakhonde, mayi ake agone ola lathunthu osasokonezedwa. Musanamugwire, makamaka pochokera kumunda, vulani malaya a ntchito ndi kusamba ndi sopo, chifukwa ululu wa fodya wamuwisi wonyowa umalowera pakhungu, ndiwo uja umachititsa othyola chizungulire ndi mseru. Ndipo kosankhira fodya, kumene fumbi lake limatsamwitsa ndi akulu omwe, khanda lisamakhalitseko. Pa ndalama zimene mukuyembekeza, patulani zolembera munthu wosankha m'malo mwa akazi anu chaka chino, ndi zoitanira mng'ono wawo kapena apongozi kuti adzakhale nanu mwezi umodzi. Belo limodzi likachepa mtengo chifukwa wosankha anali mlendo, mwataya zochepa.

Kucheza nako musakudikire usiku, pamene onse awiri mwatheratu. Idyani pamodzi nsima ya masana, ngakhale anzanu aseke kuti mwadyetsedwa khuzumule, ndipo funso lanu loyamba lisakhale la mwana kapena la ndiwo. Afunseni za iwo eni, ngati m'thupi muli bwino, ngati akulakalaka kwawo; ndipo akayamba kudandaula, ugwireni mtima, musathamangire kudziteteza, pakuti madandaulo a miyezi itatu satuluka mwaulemu tsiku loyamba.

Za kumphasa ndinene mosabisa, popeza ndi pamene mabanja ambiri amasiyana chinunu, aliyense akuyesa kuti mnzake wamukana. Kuchipatala amalangiza kuti mayi apume kufikira magazi a uchembere atasiya ndi mabala atapola, ndipo amamuonanso pakatha masabata asanu ndi limodzi. Mwambo wathu uli ndi tsiku lakelake, lotenga mwana, limene akuluakulu amalengeza. Ndipo mkazi woleredwa m'mwambo sangayambe yekha nkhaniyi, poopa kuti mwana akadwala anthu adzati ndi tsempho, mlandu nukhala wake. Mwina akazi anu akudikira mawu a akulu monga mukudikira inu. Tumizani uthenga kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti atume nankungwi kapena mayi wamkulu wa kumpingo adzakumasuleni. Lisanafike tsikulo pitani nonse kusikelo mukasankhe njira yolera, chifukwa kuyamwitsa kumateteza ku pathupi pokhapokha mwana asanakwane miyezi isanu ndi umodzi, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndiponso mayi asanayambenso kusamba. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, mudzaona mimba ina mwanayu asanakwawe.

Pali chinthu china chimene ndikupemphani muchiyang'anitsitse. Kutopa wamba kumachepa munthu akagona ndi kuthandizidwa. Koma mukaona kuti mayiwa akulira kawirikawiri popanda chifukwa chooneka, chakudya sichikulowa, tulo sitikubwera ngakhale mwana atagona, sakukondwera ndi mwanayo, kapena akunena kuti kuli bwino kufa, ndipo izi zapitirira masabata awiri, dziwani kuti ameneyo ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akachira, ndipo amachizika. Si ufiti, si mwano. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena pitani nawo kuchipatala cha boma ku Kasungu. Ndipo akatchula za kudzipweteka kapena kupweteka mwana, musadikire kuti kuche.

Anzanu a pabawo aja ndiwayankhe mwachidule. Mwamuna akatenga kachilombo kunja napatsira mkazi woyamwitsa, mwana amakhala pangozi yaikulu kwambiri, pakuti kachilombo kamachuluka m'magazi ndi mumkaka pamene munthu wangokatenga kumene. Akulu ankati bambo woyendayenda amadula mwana, ndipo pamenepa a chipatala sawatsutsa. Tsiku lokatenga ndalama za ku Chinkhoma, pitani ndi akazi anu, mwana ali kumsana, mukawerengere limodzi.

Ine wanu,
Azakhali