Chifupikitso Sichilowa M'malo mwa Mutu Wathunthu

Kwa ophunzira zauphunzitsi a chaka choyamba, Mualadzi, boma la Chifunde

Mayeso akayandikira, timapepala ta zifupikitso timayendayenda m'manja mwa ophunzira. Wina amawerenga mutu wa masamba khumi ndi awiri n'kuufinya kukhala mizere isanu, ndipo anzake amakopera mizereyo osatsegula buku. Nthawi zina njira imeneyi imakhozetsa mayeso, koma inu mukukonzekera kukaima pamaso pa ana amene Chinyanja ndi chiyankhulo chimene anayamwira. Ana otere amazindikira msanga mphunzitsi akalakwitsa. Tiyeni tione, pogwiritsa ntchito mutu umodzi, zimene zimatayika pofupikitsa.

Mutu wa magulu a mayina

Pophunzira malamulo a chiyankhulo mudzakumana ndi mutu wa magulu a mayina. Chifupikitso chake kawirikawiri chimakhala chotere: mayina amagawidwa m'magulu monga Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi ndi I-Zi, gulu limadziwika ndi chiyambi cha dzina, mayina a anthu ali m'gulu la Mu-A. Kenaka pamabwera zitsanzo: munthu ndi anthu, mtengo ndi mitengo, chingwe ndi zingwe.

Mawu amenewa si abodza, koma ndi theka chabe la nkhani. Taganizirani mphunzitsi amene anawerenga zokhazi. Iye wauza ana a kalasi yachitatu kuti alembe ziganizo zokhudza anthu a m'mudzi mwawo, ndipo mwana wina walemba kuti, "Mfumu yathu yabwera." Mphunzitsi akuganiza motere: mfumu ndi munthu, dzinali layamba ndi m, choncho lili m'gulu la Mu-A monga mlimi. Popeza timati "mlimi wathu wabwera," iye akudula mzere wofiira ndi kulemba kuti, "Mfumu wathu wabwera."

Mwanayo analemba zolondola, ndipo wolakwa ndi mphunzitsi. Dzina lakuti mfumu likakhala la chinthu chimodzi limatenga agwirizanitsi amene timawamva pa dzina lakuti nyumba: nyumba yathu, mfumu yathu. Pochulukitsa limasintha njira n'kukhala mafumu, ndipo timati mafumu athu. Pofuna kupereka ulemu timati, "Amfumu athu abwera." Zonsezi zimafotokozedwa m'kati mwa mutu, m'ndime zimene wofupikitsa anaziona ngati zongowonjezera.

Wowerenga mutu wonse amapeza kuti mfumu siili yokha. Timati nduna yafika, mfiti yathawa, chitsiru chagona, ngakhale kuti onsewa ndi anthu. Amapezanso mayina amene si a anthu ndipo sayamba ndi mu, koma amatenga agwirizanitsi a gulu la Mu-A: galu wanga, fodya wanga, katundu wanga. Akafika apa amadzionera yekha mfundo yeniyeni ya mutuwo, yakuti chiyambi cha dzina ndi tanthauzo lake zimangopereka chithunzithunzi, koma umboni wodalirika wa gulu ndi mgwirizano wa dzinalo ndi mawu ena m'chiganizo. Pofuna kudziwa gulu la dzina, liikeni m'chiganizo ndipo mumvetsere: wanga, yanga, langa kapena changa.

Zimene zimatayika

Chitsanzochi chikuonetsa zinthu zitatu zimene chifupikitso chimataya. Choyamba ndi malire a lamulo. Wolemba buku amagwiritsa ntchito mawu monga "kawirikawiri," "ambiri mwa" ndi "kupatula." Wofupikitsa, pofuna kusunga malo, amayamba kuchotsa mawu omwewa. Motero chiganizo chakuti mayina ambiri a anthu ali m'gulu la Mu-A chimasanduka chakuti mayina a anthu ali m'gulu la Mu-A, ndipo mawu amodzi otayikawo ndiwo analakwitsa mphunzitsi uja.

Chachiwiri ndi zitsanzo. Kwa wolemba mayeso zitsanzo ziwiri zingakwane, koma kwa mphunzitsi zitsanzo ndizo zipangizo za ntchito. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu simungamuuze tanthauzo la mgwirizanitsi. Mumamupatsa ziganizo zambiri mpaka khutu lake ligwire kachitidwe kake.

Chachitatu ndi njira ya kaganizidwe. Mutu umayenda kuchokera pa zosavuta kupita pa zovuta, ndipo dongosolo limenelo ndilo mudzalitsate pokonza phunziro lanu. Chifupikitso chimakupatsani yankho lokha, ndiye mwana akafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga bwanji timati galu wanga koma nkhuku yanga?" mulibe pogwira.

Vutoli silithera pa malamulo a chiyankhulo. Kuno ku Tete Chinyanja chinayamba kuyesedwa m'sukulu za boma m'ndondomeko ya PEBIMO, pakati pa 1993 ndi 1997, pamene ku Gaza ankayesa Chichangana. Wofupikitsa mutu wa maphunziro a ziyankhulo ziwiri angalembe kuti ana amayamba ndi chiyankhulo chawo, kenaka Chipwitikizi. Wowerenga mzere wokhawu angaganize kuti Chipwitikizi sichiyenera kumveka konse m'makalasi oyambirira. Koma mutu wathunthu umafotokoza kuti ana amayamba msanga kumva ndi kuyankhula Chipwitikizi ngati phunziro, pamene kuwerenga ndi kulemba akuphunzira m'Chinyanja. Mphunzitsi amene sanamvetse zimenezi amafikitsa ana pa nthawi yosinthira chiyankhulo asanakonzeke.

Kawerengedwe koyenera

Sitikunena kuti chifupikitso n'choipa. Kulemba chifupikitso ndi luso limene inu mudzaphunzitse ana, ndipo phindu lake lalikulu limapita kwa wolembayo, chifukwa iye ndiye amasankha mfundo atayeza kulemera kwake. Wokopera amalandira zosankha za mnzake pamodzi ndi zolakwa zake, osadziwa zimene zinasiyidwa.

Choncho werengani mutu kawiri. Ulendo woyamba werengani kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaima, kuti muone kumene wolemba akulowera. Ulendo wachiwiri khalani ndi pensulo ndi kope: lembani lamulo lililonse, ndipo pansi pake lembani zitsanzo zogwirizana nalo ndi zotsutsana nalo. Paliponse pamene mwapeza mawu akuti "koma" kapena "kupatula," chepetsani liwiro, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatha, tsekani buku ndi kulemba chifupikitso chanu m'mawu anuanu.

Pali njira yodziyesera ngati mwawerengadi. Perekani chitsanzo chatsopano chimene mulibe m'buku, chochokera m'mayankhulidwe a kwanu. Tchulani malo amodzi pamene lamulolo siligwira ntchito. Pomaliza, fotokozerani mnzanu mfundoyo monga momwe mungafotokozere mwana. Mukakanika chimodzi mwa zitatuzi, ndiye kuti mwaloweza mawu chabe, ndipo muyenera kubwerera ku mutu.

Mabuku akakhala ochepa, chiyeso chodalira zifupikitso chimakula. Zikatero khalani m'magulu a anthu anayi kapena asanu, mmodzi aziwerenga mokweza ndime ndi ndime, ena akumvetsera ndi kulemba. Mutu wa masamba khumi ndi awiri ungathe madzulo amodzi, ndipo aliyense adzakhala ataumva wonse.

Ntchito

1. Ikani mayina awa m'ziganizo pogwiritsa ntchito mawu osonyeza umwini monga wathu, yathu, lathu kapena chathu: sing'anga, mbala, nyakwawa, khasu, mkango, chimanga. Ndi mayina ati amene akutsutsana ndi chifupikitso chili pamwambachi?

2. Konzani chifupikitsocho kuti chikhale cholondola, osapitirira mizere isanu ndi umodzi.

3. Lembani mawu amene mphunzitsi uja ayenera kuuza mwanayo ndi kalasi yonse tsiku lotsatira, atazindikira kulakwa kwake.